Kuvomera mlandu mwa mgwirizano: mafunso a achibale a woimbidwa mlandu

Mng'ono wanga ali pa rimandi ku ndende ya Namuseche ku Chipata pa mlandu wakupha munthu pa ndewu ya pamowa. Loya akuti avomere mlandu wocheperapo. Kodi zimenezi n'zololedwa?

N'zololedwa ndithu, pansi pa lamulo la dziko la Zambia nambala 20 la mu 2010. Woimira boma pa milandu angathe kukambirana ndi loya wa woimbidwa mlandu chigamulo chisanaperekedwe, kuti mwachitsanzo mlandu wakupha mwadala usinthidwe kukhala wakupha mosafuna ngati mwini wake auvomera. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Kupha mwadala kulibe belo, ndipo chilango chake ndi ndende ya moyo wonse chithetsedwereni chilango chonyonga mu 2022, pokhapokha ngati pali zifukwa zopeputsa mlanduwo, pamene pa kupha mosafuna jaji amayesa mmene ndewu inayambira, chida chimene chinagwiritsidwa ntchito, ndiponso ngati munthuyo n'koyamba kupalamula. Ngati mng'ono wanu anamenyadi mnzakeyo kamodzi ndi mpini wa khasu atayambidwa dala, ndipo mboni zinaona, mgwirizanowu ungam'thandize kwambiri. Wosowa ndalama za loya apemphe thandizo ku Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza anthu osauka pa milandu.

Ndiye akavomera, jaji amangotsatira zimene agwirizanazo?

Ayi. Mgwirizano umalembedwa ndi kusainidwa, koma khoti lili ndi mphamvu youkana. Jaji ayenera kukhutira kuti munthuyo sananyengereredwe, akumvetsa chimene akuvomera, ndipo zimene zinachitika zikugwirizanadi ndi mlanduwo.

Nanga choopsa chili pati, popeza mlandu ukutha msanga?

Kutha msangako n'kwabwino, sindikana: mboni za ku Lundazi kapena ku Petauke sizivutikanso ndi maulendo a ku Khoti Lalikulu ku Chipata, ndipo tsiku limene jaji akanamvera umboni limapita ku mlandu wina. Koma chimene chimandidetsa nkhawa ndi munthu amene wakhala miyezi yambiri m'chitolokosi chothithikana, mlandu wake ukungoimitsidwa, munda wake utagonera. Munthu wotere angavomere chimene sanachite pongofuna kudziwa tsiku lotuluka. Mwina mng'ono wanu ankadziteteza kwa munthu amene anam'solorera mpeni. Zikanamveka m'khoti akanatha kumasulidwa, koma akavomera mboni sizifunsidwanso, mbiri yoti anapalamula imam'tsatira, ndipo kuchita apilo yonena kuti sanalakwe kumakhala kovuta zedi.

Choncho pokamuona, mum'funse kuti afotokoze yekha m'Chinyanja zimene zinachitika usiku umenewo, kenako loya amuwerengere zimene boma lalemba, mzere ndi mzere. Ngati iye akunena kuti "ndinangozinda mpeni" pamene pepala likuti anayamba ndiye kumenya, asasaine, ndipo akaimirira pamaso pa jaji anene poyera kuti mfundo imeneyo sakuivomereza.