Kuimitsa cheke kapena sitanding'i oda ndalama zisanatuluke

Bambo wina, msungichuma wa gulu la alimi a mbatata ya kachewere cha ku Bembeke, anafika pa kauntala yanga ku banki m'mawa thukuta lili kamukamu, ngakhale kunja kunali chisanu cha Dedza chija. Gulu lawo linalemba cheke ya K1,850,000 yolipirira feteleza kwa wogulitsa wina wa pa boma. Anapatsira mnyamata kuti akapereke, ndipo envulopu inatsala mu minibasi.

"Mayi, dzulo madzulo ndinatumiza uthenga pa foni kwa mnzanu uja amakhala pa windo lachiwiri. Ndiye kuti cheke ija yaimitsidwa kale, eti?"

Ndinawayankha kuti, "Pepani bambo, sinaimitsidwe. Khalani pansi tiyambe pompano."

Mnzangayo anali pa tchuthi, ndipo uthengawo unali usanawerengedwe n'komwe. Apa ndi pomwe anthu ambiri amapunthwa. Amaganiza kuti akangotumiza mawu basi ntchito yatha, pomwe lamulo limayang'ana ngati mawuwo afika m'manja mwa banki cheke isanalipiridwe.

Cheke ndi kalata yolamula. Inu mwini akaunti mukuuza banki yanu kuti, pa ndalama zanga zomwe mukusunga, mupatseni uje zakutizakuti. Popeza lamulolo ndi lanu, muli ndi mphamvu yolibweza, ndipo simukakamizidwa kugonjetsa banki pa mtsutso kuti ivomere. Lamulo la dziko lino lokhudza macheke, lomwe maziko ake ndi lamulo la ku Mangalande la 1882, limati udindo ndi mphamvu za banki zolipira cheke zimatha mwini akaunti akaletsa, kapenanso banki ikadziwitsidwa kuti mwini akaunti wamwalira. Koma kuletsako kumayamba kugwira ntchito banki ikadziwa. Mu 1908 khoti la ku Mangalande linaweruza mlandu wa munthu wina dzina lake Curtice, yemwe anatumiza telegalamu yoletsa cheke. Telegalamuyo inafika banki itatseka, inaponyedwa m'bokosi la makalata, ndipo inapezeka cheke italipiridwa kale. Khoti linati chekeyo inali isanaletsedwe, chifukwa uthenga unali usanafike kwa woyenera kuuona. Uthenga wa pa foni wa msungichuma uja unali telegalamu ya m'bokosi yomweyo.

Sindikuti musaimbe foni. Imbani, ndipo imbani msanga, koma pa nambala ya banki, osati ya mnzanu wogwira ntchito kumeneko. Akakufunsani mafunso otsimikiza kuti ndinudi, kawirikawiri amaika chizindikiro pa akaunti kuti chekeyo ikabwera ayambe adikira. Chimenecho ndi chigwiriro chabe. Chomwe chimamanga banki ndi fomu kapena kalata yosainidwa, ndipo ndi bwino kuipereka ku nthambi yomwe munatsegulira akaunti. Ngati muli kutali, monga ku Tsangano pomwe akaunti yanu ili pa Ntcheu, lowani nthambi iliyonse ya banki yanu yomwe mungaifike msanga, koma musachoke asanakuuzeni kuti chiletso chalowa mu kompyuta.

Chinthu choyamba chomwe ndinachita kwa bambo aja chinali kuyang'ana ngati cheke yalipiridwa kale. Ikakhala kuti yalipiridwa, nkhani yoimitsa yatha. Chotsala ndi kulondola amene walandira, ndipo ngati ndi wakuba, ndi nkhani ya kupolisi. Mwamwayi inali isanabwere. Ndinawafunsanso ngati anajambulapo mizere iwiri yopingasa ija. Anati eya, ndipo analembanso kuti ilowe mu akaunti ya mwini dzina yekha. Mtima wanga unakhalako pansi. Cheke yopanda mizere munthu akhoza kupita nayo pa kauntala n'kutuluka ndi ndalama m'thumba pa mphindi zochepa. Ya mizere imayenera kudutsa mu akaunti, ndipo ngati akauntiyo ili ku banki ina, imadutsanso pomwe mabanki amasinthanirana macheke. Zimenezi zimakupatsani mpata, koma musaudalire kwambiri. Masiku ano chomwe chimayenda ndi chithunzi cha cheke pa makina, osati pepala pa galimoto monga kale, choncho mpatawo ndi waufupi.

Kenaka tinafika pa nambala. Ndinawafunsa nambala ya chekeyo, iwo n'kunena pamtima kuti 000471. Ndinawapempha buku la macheke. Kachidutswa kotsalira m'bukumo kanaonetsa 000417. Nambala 000471 inali tsamba lomwe linali lisanalembedwe n'komwe, lili phee chakumapeto kwa buku.

Tikanalemba zomwe ananena pamtima, kompyuta ikanadikirira 000471, ndipo 000417 ikanadutsa popanda chotchinga. Makina samva kuti "cheke ija ya feteleza". Amayang'ana nambala. Izinso zinafikapo kukhoti: mu 1926 khoti lalikulu la ku Mangalande, pa mlandu wa munthu wina dzina lake Hilton yemwe analakwitsa nambala poletsa cheke, linapeza kuti banki sinalakwe polipira. Ndiye mukamalemba fomu, koperani kuchokera pa kachidutswa kaja, osati m'mutu. Lembani nambala ya akaunti, nambala ya cheke, tsiku lomwe linalembedwa pa cheke, kuchuluka kwa ndalama, dzina la wolandira, ndi chifukwa chomwe mukuimitsira. Ichi n'chifukwa chake ndimakwiya ndikaona buku la macheke lomwe tizidutswa take tonse n'topanda kanthu. Munthu wotere likamugwera tsoka sadziwa kuti aletse tsamba liti. Ngati latayika ndi buku lonse, uzani banki iletse masamba onse otsala, kuyambira nambala yakuti mpaka yakuti.

Akaunti ya gululi imasainidwa ndi anthu awiri, ndipo wapampando anali kumunda. Pa kuimitsa, banki kawirikawiri imamvera ngakhale mmodzi mwa osainira, chifukwa kugwira ndalama sikuononga kanthu, kenaka n'kupempha kuti winayo adzatsimikize. Kumasula chiletso ndiye kumafuna onse monga mwa mgwirizano wa akauntiyo. Bambo aja anasaina, ndinayerekeza siginecha yawo ndi yomwe tili nayo, ndinaona chitupa chawo cha unzika, ndipo ndinalowetsa chiletso iwo akuona. Pali kandalama komwe banki imadula pa ntchitoyi. Funsani mtengo wake pa kauntala chifukwa umasiyana banki ndi banki.

Chomwe ndinawakakamiza kuti asachoke opanda ndi kope ya fomuyo, yodindidwa chidindo, yolembedwa tsiku ndi nthawi. Nthawiyo ndi yomwe imaweruza. Banki ikalandira chiletso cholondola 9 koloko m'mawa n'kulipira chekeyo masana, yalipira popanda chilolezo chanu, ndipo siyenera kudula ndalamazo pa akaunti yanu. Koma mudzasonyeza bwanji kuti munafika 9 koloko ngati pepala lanu lilibe nthawi? Zikatere mumayamba kudandaula kwa manijala wa nthambi molemba, ndipo mukapanda kuthandizidwa mukhoza kukadandaula ku Banki ya Rizevu, yomwe imayang'anira mabanki onse m'dziko muno.

Ali pafupi kunyamuka anandifunsa kuti, "Nanga wa feteleza uja?" Funso labwino. Kuimitsa cheke sikufafaniza ngongole. Feteleza anatenga, ndalama ayenera kulipira. Ndinawalangiza kuti amudziwitse tsiku lomwelo kuti 000417 yaletsedwa, kuti wina akaitola n'kumupititsira asakaiike ku banki n'kuchita manyazi ikabwerera. Akatero alembe cheke ina kapena atumize ndalama mwa njira ina. Akanathamangira kulemba yachiwiri yoyamba isanaletsedwe, zonse ziwiri zikanatha kulipiridwa, gulu n'kutaya K3,700,000 pa feteleza wa K1,850,000. Ndipo asamati pakapita nthawi cheke yotayikayo ifa yokha. Inde, mabanki amakana cheke yomwe yapitirira miyezi isanu ndi umodzi, koma miyezi isanu ndi umodzi ndi yambiri kwa munthu amene waitola.

Pali ena amaimitsa cheke chifukwa chakuti akangana ndi wolandira: katundu wabwera wosakwanira, kapena mmisiri wathawa ntchito ili pakati. Banki idzamvera, pakuti si khoti. Koma dziwani kuti wolandirayo akhoza kukusumirani atanyamula cheke yomweyo ngati umboni wakuti munalonjeza kulipira. Ndipo kutenga katundu wa munthu, kumupatsa cheke, muli ndi cholinga chokailetsa akangotembenuka, ndi chinyengo. Cheke yolembedwa ndi banki yeniyeniyo, yomwe mumagula kuti mukalipire sukulu kapena msonkho, ndi nkhani ina: ndalama zinachoka kale pa akaunti yanu, lonjezo ndi la banki, ndipo simungailetse chifukwa choti mwasintha maganizo. Ikatayika imakhala ndi ndondomeko yake, yotenga nthawi.

Sitanding'i oda ndi lamulo lomwe munasainira kuti banki izidula ndalama zakuti pa tsiku lakuti mwezi uliwonse, monga lendi ya nyumba kapena ndalama zopita ku akaunti ya mwana. Kuiletsa ndi chimodzimodzi: fomu, siginecha, kope yodindidwa. Chosiyana n'chakuti palibe munthu wobwera pa kauntala yemwe tingamuimitse. Makina amadula okha, nthawi zambiri ife tisanatsegule n'komwe zitseko. Tiyerekeze kuti mphunzitsi wasamuka ku Lizulu, ndipo lendi ya K80,000 imachoka pa 28. Akabwera pa 28 pomwepo m'mawa, apeza ndalama zapita kale kwa mwini nyumba wakale, ndipo banki siingazitenge mu akaunti ya munthu wina popanda chilolezo chake. Bwerani kukadali masiku angapo ogwira ntchito, ndipo nenani momveka ngati mukudumpha mwezi umodzi kapena mukuthetseratu. Kusiya akaunti yopanda ndalama si kuletsa. Lamulolo limakhalabe lamoyo, likhoza kukubweretserani chilango cha kulephera kulipira, ndipo malipiro akangolowa likhoza kudula.

Musanadzaze fomu, yang'anani kaye kuti ndalamayo ikudulidwira pati, chifukwa aphunzitsi ndi anamwino ambiri amabwera kwa ife ndi nkhani yomwe si yathu. Ngati ndalama ya ngongole kapena ya inshuwalansi ikuoneka pa pepala la malipiro a kuntchito, ndiye kuti yadulidwa malipiro asanafike ku banki, ndipo oletsa ndi abwana anu pamodzi ndi omwe munabwerekako. Ngati ikuoneka pa sitetimenti ya banki koma amaikoka ndi kampani yomwe munaipatsa chilolezo, lembani makalata awiri, ina ku banki ina ku kampaniyo, apo ayi idzayesanso kukoka mwezi wamawa. Ndipo ngati ndi yobweza ngongole ya banki yomweyo, fomu yoletsa siigwira ntchito, chifukwa kudulako ndi mbali ya mgwirizano wa ngongole womwe munasainira. Pamenepo pemphani kuonana ndi woona za ngongole, mukambirane zosintha tsiku kapena kuchepetsa yodula pa mwezi.