Kumasulira chikalata cha BOQ popanda kusokoneza manambala

Pa ntchito yomanga yaikulu pamakhala chikalata chimene amisiri amangochitchula kuti BOQ, chomwe ndi mndandanda wa ntchito yonse itagawidwa m'zigawo zoyezedwa. Mzere uliwonse umakhala ndi madanga asanu ndi limodzi: nambala ya chinthucho, mawu ofotokoza ntchito, muyeso, kuchuluka, mtengo wa muyeso umodzi, ndiponso ndalama zonse za mzerewo. Pamene mwini ntchito, wojambula mapulani ndi kontilakita sagwiritsa ntchito chinenero chimodzi, chikalatachi chimapita kwa womasulira, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti chovuta ndi danga la mawu. Pa zaka zimene ndakhala ndikumasulira zikalata zotere, ndaona kuti mawu akalakwika injiniya amazindikira msanga, koma cholakwika cha m'madanga a muyeso ndi kuchuluka chimadutsa m'manja mwa anthu angapo mpaka tsiku lolipira.

Nambala ya chinthu siimasuliridwa ngakhale pang'ono. Ngati mzere walembedwa `3.2.4` kapena `E.12/b`, uyenera kutuluka chimodzimodzi, chifukwa nambala imeneyi ndi imene imalumikiza mzerewo ndi mapulani, buku lofotokoza mtundu wa zipangizo, ndiponso zikalata zopemphera malipiro. Zilembo zake nthawi zina zimachokera ku njira yoyezera imene wolembayo anatsatira. Mwachitsanzo, m'njira yotchedwa CESMM4, yogwiritsidwa ntchito pa misewu, milatho ndi mapaipi, chilembo `E` chimaimira ntchito yokumba ndi kusuntha dothi, pamene `F` chimaimira konkire yothiridwa pamalo pomwepo. Womasulira amene angasinthe chilembocho kuti chigwirizane ndi liwu la chinenero chatsopano ndiye kuti wadula chingwe chimene aliyense pa ntchitoyo amagwira.

Tiyeni tione mzere umodzi wa chikalata cholembedwa m'Chipwitikizi chimene chikumasuliridwa kupita m'Chingerezi. Ntchito yake ndi yoika mapaipi a madzi oipa m'ngalande, ndipo mzerewo, tikachotsa danga la mawu, ukuoneka chonchi:

```
3.2.4 | ml | 1.250,00 | 18,40 | 23.000,00
```

Msampha woyamba uli pa zilembo `ml`. Munthu wosazolowera angaganize kuti ndi mamililita, muyeso wa zamadzimadzi, makamaka poona kuti nkhani yake ndi ya mapaipi. Koma m'zikalata zomangira za Chipwitikizi, Chifalansa ndi Chisipanishi, zilembozi zimatanthauza mita ya utali, ndipo m'Chingerezi zimalembedwa `m`. Apa ndi pamene womasulira ayenera kusintha chidule, chifukwa kuchisiya mmene chilili kungasocheretse wowerenga watsopano. Zilipo zidule zina za mtundu womwewu, monga `un` chimene chimafanana ndi `nr` m'Chingerezi, kutanthauza kuti zinthuzo zimawerengedwa chimodzichimodzi, komanso `vg` chosonyeza kuti ntchitoyo siinayezedwe koma imalipiridwa ndalama imodzi yonse pamodzi. Chimene chimasintha ndi kalembedwe ka chidule basi. Muyeso weniweniwo susintha, ndipo womasulira alibe chilolezo chosandutsa mamita kukhala mapazi kapena makilogalamu kukhala matani, ngakhale atamva kuti owerenga ake azolowera zimenezo, pakuti mtengo wa pa mzerewo unawerengedwa pa muyeso woyambawo.

Msampha wachiwiri ndi woopsa kuposa woyamba chifukwa suoneka ndi maso. M'Chipwitikizi, kadontho kamalekanitsa masauzande ndipo mpatuliro umasonyeza pamene payambira tizigawo, pamene m'Chingerezi ndi mosinthanitsa. Choncho `1.250,00` ndi mamita 1,250, ndipo `18,40` iyenera kulembedwa `18.40`. Vuto limakula ngati kuchuluka kwalembedwa `1.250` kopanda mchira, chifukwa pulogalamu ngati Excel, ikakhala kuti yakonzedwa m'Chingerezi, imawerenga nambalayo ngati 1.25 popanda kudandaula. Mzere umene unayenera kupereka 23,000.00 umapereka 23.00, ndipo m'chikalata cha mizere mazana angapo kusiyana kumeneku kumamira m'chiwerengero chonse. Nthawi zina pulogalamuyo imatenga `18,40` ngati mawu wamba osati nambala, ndipo powonkhetsa imangoidumpha. Chizindikiro chake nchakuti nambala yotere imakhala kumanzere kwa kabokosi pamene zinzake zili kumanja.

Njira yodzitetezera ndi yotopetsa koma palibe ina yoposa. Ndikamaliza kumasulira, ndimachulukitsa kuchuluka ndi mtengo pa mzere uliwonse: 1,250 kuchulukitsa ndi 18.40 kumapereka 23,000.00, ndipo ngati yankho likufanana ndi la m'chikalata choyambirira, mzerewo uli bwino. Kenako ndimayerekezera ndalama za pansi pa tsamba lililonse, zimene zimasamutsidwira ku tsamba lachidule, ndi za chikalata choyambirira, mpaka kufika pa chiwerengero chomaliza. Ngati chikalatacho sichinaikidwe mitengo, monga zimakhalira chisanapite kwa opikisana pa ntchito, ndimawonkhetsa danga la kuchuluka lokha kumbali zonse ziwiri. Yankho lake lilibe tanthauzo lenileni, poti ndaphatikiza mamita ndi makilogalamu, koma likasiyana ndimadziwa kuti penapake nambala yasokonekera.

Kanambala kakang'ono ka pamwamba pa `m²` ndi `m³` nakonso kamasowa kapena kusintha pokopera kuchokera mu PDF. Apa kuchulukitsa sikuthandiza, chimene chimathandiza ndi kuganizira ntchito yeniyeniyo. Silabu ya konkire ya mamita 20 m'litali, mamita 12 m'lifupi ndi mamilimita 150 kuchindikala kwake ndi 240 `m²` pamwamba pake, koma konkire yolowamo ndi 36 `m³` yokha. Munthu akawerenga 240 `m³` pa silabu yomweyi n'kuitanitsa simenti, mchenga ndi miyala motsatira zimenezo, agula zochuluka kuposa kasanu ndi kamodzi zimene zikufunika.

M'danga la mawu muli timawu tochepa timene timanyamula ndalama. Liwu la `idem` kapena `ditto` limatanthauza kuti mawu a mzere wapamwamba akubwerezedwa, kupatula chimene chasinthidwa. Popeza zinenero zimasanja mawu mosiyana, chiganizo chikatembenuzidwa, chimene chikubwerezedwa chikhoza kusamveka, ndipo ine ndimakonda kupempha chilolezo cholemba mawuwo onse. Mawu a `extra over` ndiwo amapusitsa ambiri. Ngati pansi pa mzere wa mapaipi pali mzere wa zigongono za mapaipi wolembedwa choncho, tanthauzo lake ndi lakuti utali wa zigongonozo unawerengedwa kale ngati paipi yowongoka, ndipo mtengo wofunika pano ndi wongowonjezera pamwamba pa umenewo. Akamasulira ngati kuti ndi ntchito ina yapadera, kontilakita amaika mtengo wathunthu, ndipo gawo limodzi la paipi limalipiridwa kawiri.

Nthawi zina cholakwika chimakhala m'chikalata choyambirira chenichenicho, monga mzere umene kuchulukitsa kwake sikukugwirizana, kapena zitsulo za m'konkire zolembedwa mu `m²` m'malo mwa `kg`. Womasulira sakonza zimenezi mwakachetechete, ngakhale yankho litaoneka lodziwikiratu, chifukwa chikalata choyambiriracho chikhoza kukhala kuti ndi gawo la mgwirizano wosainidwa kale. Amasiya nambalayo mmene ilili, n'kulemba papepala lapadera nambala ya mzerewo, chimene wachiona ndi chimene akuganiza kuti chinayenera kukhalapo, ndipo pepalalo limapita kwa katswiri woyeza ndi kuwerengera ntchito amene analemba chikalatacho, kuti iyeyo atulutse chosinthidwa m'zinenero zonse ziwiri.