Anthu khumi ndi awiri anachotsedwa, koma anawachotsa ndani?

Mwezi wa Okutobala ukangofika foni yanga sipuma. Ana a kumudzi amene akuchita digiri yachiwiri m'mayunivesite a kuno ku Joni amakhala akuthamangitsana ndi tsiku lopereka mapepala awo a kafukufuku, ndipo ine ntchito yanga ndi kuwerenga mapepalawo asanapite kwa oyesa. Chaka chilichonse ndimamva mawu omwewomwewo: "Amayi, m'sayansi salemba kuti ndinachita kapena tinachita. Amalemba kuti zinachitidwa." Ndikafunsa amene anawauza zimenezi, yankho limakhala lakuti anangomva. Ndatopa nazo. Lamulo limenelo kulibe. Mu 1953, Watson ndi Crick polengeza za kapangidwe ka DNA m'magazini ya Nature anayamba pepala lawo ndi mawu odzitchula okha, akuti ife tikufuna kupereka ganizo, ndipo palibe anawabweza kuti si asayansi. Magazini yomweyo mpaka lero imalimbikitsa olemba kutchula wochita.

Mapepalawa amalembedwa m'Chingerezi, koma zitsanzo ndizipereka m'chinenero chathu chifukwa matendawa ndi amodzi. Amene munamvetsera phunziro la Chichewa kusekondale mukukumbukira msintho wochitidwa, uja wa -idwa ndi -edwa. Sindikudana nawo ayi. Pali malo amene ndimaufuna ndithu. Wophunzira akalemba kuti magazi anatengedwa, anazunguzidwa m'makina kwa mphindi 10, madzi ake a pamwamba n'kusungidwa mufiriji yozizira madigiri 80 kunsi kwa ziro, ine ndimadutsa osagwira cholembera. Wowerenga akufuna mphindi ndi madigiri kuti naye akathe kubwereza. Kaya batani anadina ndi Phiri kapena Dlamini, makinawo azungulira chimodzimodzi. Apa kulemba kuti "ndinatenga, ndinazunguza, ndinasunga" m'chiganizo chilichonse kumangotopetsa, ngati mwana wofotokoza za tchuthi chake.

Muyeso wanga ndi umodzi, ndipo ndimaubwereza mpaka ophunzira kudana nane. Pa mneni aliyense wa -idwa, dzifunseni kuti: akanachita ntchitoyi munthu wina, zotsatira zikanasintha? Ngati sizikanasintha, musiyeni mneniyo. Ngati zikanasintha, wochitayo ndi mbali ya njira ya kafukufuku wanu, ndipo kumubisa n'chimodzimodzi kubisa madigiri a firiji. Sindikuti mulembe dzina lake la pachiphaso. Udindo wake ndi wokwanira: namwino wa pakiliniki, wothandiza kafukufuku amene sagwira ntchito pamenepo, kapena inuyo.

Pali pepala lina limene limandivutabe m'mutu. Analemba ndi mtsikana wa kwathu, namwino wakhama, amene masana ankagwira ntchito pa kiliniki ina m'katikati mwa mzinda uno, usiku n'kumawerenga. Kafukufuku wake anali wa anthu obwera kuchokera kumayiko oyandikana, ambiri a iwo Amalawi, wofuna kudziwa ngati amamwa ma ARV tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Manambala ndawasinthako kuti mwini wake asadziwike, koma mmene nkhani inayendera ndi momwemu. M'gawo la njira munali ziganizo zitatu zosalala bwino. Chilolezo chinatengedwa kwa onse. Otenga nawo mbali 80 anafunsidwa ngati anadumphitsapo mankhwala m'mwezi wapitawo. Mafomu 12 anachotsedwa chifukwa anali osakwanira. Kenako zotsatira: 85 peresenti amamwa mankhwala mokhulupirika.

Ndinamukhazika pansi m'kalesitilanti kena ku Braamfontein n'kuyamba ndi chiganizo chapakati. Anafunsidwa ndi ndani? Iye anati, "Ndi ineyo, amayi." Atavala chiyani? Yunifolomu. M'chipinda chiti? Chomwe amaperekera mankhwalawo. Ndiye taganizirani bambo wa ku Mangochi amene mapepala ake okhalira m'dziko muno ndi okayikitsa, amene amachita mantha kuti tsiku lina adzamubweza pakhomo la kiliniki. Namwino yemwe amamupatsa botolo la mankhwala akumufunsa ngati amadumphitsa. Ayankha chiyani? Ayankha zimene zingasangalatse asisita. Funso lomwelo akanafunsa mlendo wovala zake, pansi pa mtengo kunja kwa mpanda, mayankho ena akanatuluka. Izi sizikutanthauza kuti kafukufukuyo ndi wotayika. Ofufuza ambiri amafunsa odwala awo chifukwa ndalama zolembera wothandiza palibe. Koma wowerenga ayenera kudziwa, kuti 85 ija aichepetse m'mutu mwake momwe akuonera. Mawu akuti anafunsidwa anamulanda mwayi umenewo.

Za chilolezo sinditaya nthawi. Zinapezeka kuti amayi ena amene samva Chingerezi kapena Chizulu anawamasulira fomu ndi amuna awo, pa masiku amene mtsikanayu sanali pa ntchito ndipo mnzake ndiye ankasainitsa. Mayi amene mwamuna wake wamuuza kuti saina apa, kodi wavomera yekha? Komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali imafunsa zimenezo, ndipo ili ndi chifukwa.

Chimene chinandiimitsa mutu ndi mafomu 12 aja. Ndinafunsa kuti anawachotsa ndani, liti, ndipo wochotsayo anali ataona kale mayankho kapena ayi. Anakhala chete. Kenako anati anawachotsa yekha, usiku wina akulowetsa manambala mu kompyuta, chifukwa ena analibe zaka za munthu, ena analibe tsiku loyambira mankhwala. Ndinamuuza kuti akawatenge. Titawayala patebulo, 10 mwa 12 aja anali a anthu amene anavomera kuti amadumphitsa. Werengani nokha. Pa anthu onse 80, okhulupirika anali 60, kutanthauza 75 peresenti. Mukachotsa 12, mwa iwo awiri okha okhulupirika, mutsala ndi 58 pa 68, ndiyo 85 peresenti ija. Chiganizo chimodzi cha -edwa chinanyamula kusiyana konseko.

Sindikhulupirira kuti mtsikanayu anafuna kunama. Munthu amene moyo wake ndi wosakhazikika, wosamukasamuka, wa maganyu, ndi amene amadumphitsa mankhwala, ndiponso ndi yemweyo amene amathamangira kutuluka fomu isanathe. Mwina diso lake nalonso linkaona msanga chosoweka pa fomu imene yankho lake silinamusangalatse. Zimachitika kwa tonse. Koma akanakakamizidwa kulemba kuti "ndinachotsa mafomu 12 nditaona kale mayankho," dzanja likanamulemera, ndipo akanadzifunsa yekha ine ndisanamufunse. Msintho wochitidwa unamubisa kwa oyesa, unamubisanso kwa iye mwini. Tinalemba motere: wofufuza, amenenso ndi namwino pa kilinikiyo, anafunsa anthu 80 m'chipinda choperekera mankhwala, mafomu 12 anali ndi mipata, ndipo zotsatira zaperekedwa pawiri, ndi mafomuwo komanso popanda iwo. Nambala inatsika, koma pepala linayamba kuima.

Musaganize kuti izi ndi nkhanza zanga zokha. Ndondomeko ya CONSORT, imene magazini a zachipatala amagwiritsa ntchito poona malipoti a mayeso a mankhwala, ndipo inatuluka koyamba mu 1996, m'kope lake la 2010 inafunsa mwachindunji kuti ndani anakonza mndandanda wogawira anthu m'magulu mwamaere, ndani analemba anthuwo, ndani anawaika m'magulu, ndiponso ndani sankadziwa gulu la munthu aliyense. Kulemba kuti anagawidwa mwamaere basi sikuyankha funso ngakhale limodzi mwa amenewa.

Ife a Chichewa tili ndi msampha wachiwiri, msintho wa -ika ndi -eka, umene aphunzitsi athu ankautcha wa m'chibisira. Dzinalo analipeza bwino. Mukanena kuti mbale yaswedwa, mayi angathe kufunsa kuti ndi ndani, inu n'kuwonjezera kuti ndi mwana. Mukanena kuti mbale yasweka, khomo la funsolo mwatseka, chifukwa palibe amanena kuti yasweka ndi mwana potanthauza kuti mwanayo ndiye waiswa. Maganizo amenewa timalowa nawo m'Chingerezi. Masampulo anawonongeka. Mafomu anatayika. Zolakwika zinachitika. Inde, kuno magetsi amathima, ndipo firiji ikhoza kusungunula zonse popanda wolakwa. Koma m'mawa mwake munthu wina anayang'ana machubu aja n'kugamula kuti awa titaya, awa tiyezabe. Chigamulo chimenecho sichinachitike chokha. Palinso "zasonyezedwa kuti" ndi "zikuganiziridwa kuti", amene ndi "akuti" wa m'minibasi atavala tayi. Wasonyeza ndani, inu m'pepala lino kapena wina zaka khumi zapitazo? Wowerenga akalephera kusiyanitsa zimene mwapeza inu ndi zimene munawerenga, oyesa amalemba funso m'mbali mwa tsamba, ndipo si funso laubwenzi.

Tsopano za anthu amene amandipsetsa mtima kwambiri. Mumawaona pa timapepala tomatidwa pa mizati ya magetsi ndi m'magulu a pa WhatsApp, olonjeza kukonza pepala lanu lonse m'masiku awiri kuti limveke la sayansi. Ndaona ntchito yawo kambirimbiri. Amasaka paliponse pamene munadzitchula n'kutembenuza kukhala -idwa, osawerenga n'komwe kuti chiganizocho chikunena chiyani. Wophunzira analemba bwinobwino kuti iye ndi mnzake anawerenga mayankho aliyense payekha n'kufananiza, amene ndi umboni wa ntchito yosamala, iwo n'kusiya kuti mayankho anaunikidwa. Mwalipira marandi anu kuti munthu afufute mphamvu ya pepala lanu. Wokonza weniweni amakufunsani mafunso, ndipo ena mwa mafunsowo amawawa. Amene sanakufunseni kanthu sanawerenge.

Ndipo musadikire Okutobala. Funso lakuti ndani limayankhika mosavuta kafukufuku akadali mkati, kope lanu lolembamo za kafukufuku lili pafupi, wothandiza wanu akadayankha foni. Pakatha chaka wothandizayo anakwera basi pa Park Station, ali ku Mzimba, nambala inasintha. Inu simukumbukanso amene anasainitsa anthu Lachiwiri lija, kaya mafomu munawachotsa musanawerenge kapena mutawerenga. Ndawaonapo ophunzira atakhala pamaso panga ndi pepala lobwezedwa, oyesa atafunsa funso la mawu atatu, iwo alibe poyankhira, chikalata chokhalira m'dziko ngati wophunzira chikutha, chaka china cha fizi chikuwayang'ana. Mtsikana uja zinamuyendera chifukwa mafomu 12 aja sanawataye, anali mu katoni pansi pa bedi kuchipinda chake ku Yeoville.