Malaya opanda dzina pachifuwa: chomwe chimawapatsa ulemu

Pali kavalidwe kena komwe munthu amaoneka kuti wavala zamtengo wapatali, koma mukamuyang'ana simupeza dzina la kampani paliponse. Makampani a ku Italy monga Loro Piana, yomwe inayamba mu 1924, ndi Brunello Cucinelli ya mu 1978, amadziwika ndi zovala zotere. Chovala chikapanda chizindikiro, diso la woona limapita pa nsalu, pa kadulidwe ndi pa msoko, ndipo cholakwika chilichonse chimakhala poyera. Ndiye tiyeni titenge chovala chimodzi, malaya aamuna a manja aatali osoketsa kwa telala kuno ku Mangochi, tione chomwe chimafunika.

Nsalu ndiye poyambira. Ndi kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala, poliyesita amasunga thukuta, amamatirira pamsana, komanso amanyezimira padzuwa, ndipo kunyezimirako ndi komwe kumaulula kuti nsalu ndi yotchipa. Funani kotoni kapena lineni, nsalu yochokera ku mbewu ya fulakisi. Wogulitsa akalumbira kuti ndi kotoni weniweni, sololani ulusi pang'ono m'mphepete mwa nsalu n'kuuyatsa ndi machesi. Kotoni ndi lineni zimanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, pomwe poliyesita amasungunuka n'kuundana kampira kolimba. Kenako ikani dzanja kuseri kwa nsaluyo mutayang'anitsa kowala. Zala zikamaoneka bwinobwino, nsaluyo ndi yopyapyala kwambiri ndipo vesiti izionekera. Lineni wabwino wa malaya amalemera magalamu 150 mpaka 200 pa sikweya mita.

Gulani mamita awiri ndi theka, ndipo muichape musanaipereke kwa telala. Lineni amafupika akachapidwa koyamba, ndipo pa mamita amenewa masentimita 10 akhoza kutha. Telala akadula nsalu yosachapa, kolala idzakuthinani ndipo manja adzathera pamwamba pa wotchi mukangochapa kamodzi.

Pa kadulidwe m'pomwe ambiri amaphonya, chifukwa amaganiza kuti chovala chothina ndiye chokhala bwino. Lineni satamuka. Ngati chifuwa chanu ndi mainchesi 40, malayawo akhale 44 kuzungulira. Akachepera, nsalu imakokana pa mabatani ndipo pakati pa batani ndi batani pamayasama mukakhala pansi. Msoko wa phewa uthere pomwe fupa la phewa lathera. Ukatsikira pamkono, mumaoneka ngati mwabwereka malaya a achimwene anu, ndipo pamenepa m'povuta kukonza chifukwa telala ayenera kuphwasula mkono wonse. Mukamanga batani la pakhosi, zala ziwiri zilowe m'kolala mosavuta. Mkono ufike pa kafupa ka pa dzanja mutatsitsa manja. Pemphani kuyesa malayawo akadali olumikiza chabe, ndipo poyesapo khalani pampando n'kutambasulira manja kutsogolo, osangoima pagalasi.

Tsopano tembenuzani malayawo muone mkati. Msoko wabwino umakhala ndi masitichi 16 mpaka 18 pa inchi imodzi. Telala wothamangira maoda a ukwati amatalikitsa sitichi kufika 8 kapena 10, ndipo msoko wotere umatakasuka n'kuonetsa ulusi. Muuzeni apinde m'mphepete mwa nsalu kulowetsa mkati mwa msoko kuti pasatuluke nyenyeswa za ulusi. Ulusi ufanane ndi mtundu wa nsalu. Mabatani akhale aang'ono, osanyezimira. A chigoba cha m'nyanja mumawadziwa chifukwa amazizira mukawakhudzitsa patsaya, ndipo nthawi zina mumawapeza pa malaya akale a pa kaunjika, omwe mungagule chifukwa cha mabatani okhawo. Thumba limodzi kapena osaika n'komwe, ndipo zolembalemba ayi.

Mtundu usakhale wokuwa: kirimu, khaki, wotuwa kapena buluu wodera, ndipo thupi lonse mitundu isapitirire itatu. Malaya a kirimu, thalauza la khaki woderako, lamba ndi nsapato zabulauni, basi. Ife timasankha kirimu kuposa woyera mbee, chifukwa woyera sachedwa kuchita chikasu m'khosi ndi m'khwapa ndi thukuta la kuno, ndipo fumbi la pa kabaza limaonekera msanga. Buluu wodera naye dzuwa limamuyeretsa pamapewa, choncho muziyanika mkati kunja komanso pamthunzi.

Lineni amachita makwinya, ndipo pa nsalu imeneyi si vuto. Makwinya a m'zigongono ndi m'chiuno obwera mutavala amaloledwa, koma kolala ndi mzere wa mabatani zikhale zowongoka. Sitani malayawo akadali ndi chinyontho, simbi itatentha bwino, ndipo ngati ndi a mtundu wodera sitani chamkati, chifukwa simbi ikadutsa pamwamba imasiya mizere yonyezimira pa misoko. Ngati simbi yanu ndi ya makala, yalani kansalu koyera pamwamba pa malayawo kuti phulusa kapena kakhala kasagwere pa kirimuyo.