Mafunso ndi mayankho pa lamulo la `long` mu mapulogalamu owerengera

"Lipoti la deta ya nthambi yathu likuonetsa -1,894,967,296. Ndani waba mabaiti athu?"

Palibe waba. Pulogalamu yomwe imaphatikiza mabaiti a nthambi iliyonse inalembedwa mu Java, ndipo imasunga chiwerengero mu `int`. Bokosi limeneli lili ndi mabiti 32, nambala yaikulu yomwe ingalowemo ndi 2,147,483,647. Mukawonjezera 1 pamenepo, Java sidandaula. Nambala imangozungulira n'kukagwera kumunsi kwenikweni, pa -2,147,483,648, n'kupitiriza kuwerenga kuchokera pamenepo. Uku ndiye kusefukira kumene tikunena.

Mabaiti 1,500,000,000 kuphatikiza 900,000,000 amayenera kukhala 2,400,000,000. Bokosi limazungulira pa 4,294,967,296 iliyonse, ndiye mukachotsa nambala imeneyi pa 2,400,000,000 mupeza -1,894,967,296 yomwe mwaiona ija.

"Lamulo latsopanoli likuti chiyani?"

Chiwerengero chilichonse chophatikiza chisungidwe mu `long`, bokosi lalikulu kuposa `int`, ndipo chiphatikizidwe ndi `Math.addExact`. Khodi yosatsatira izi tiziibweza.

"Lipoti lathu lilibe nambala yokhala ndi kamzere kutsogolo. Ndiye ife zili bwino eti?"

Tikanakonda kuyankha kuti inde, koma ayi. Pa chitsanzo chomwechi wonjezerani mabaiti 2,100,000,000. Chiwerengero chenicheni ndi 4,500,000,000, koma `int` ionetsa 205,032,704, chifukwa yazungulira mpaka kudutsa pa ziro n'kuyambanso kukwera. Nambala imeneyi imaoneka yabwinobwino, ndipo munthu wa ku akawunti alibe chifukwa choikayikira. Ya kamzere ija bola, imadziulula yokha.

Zizindikiro zoti muziyang'ana ndi ziwiri. Choyamba, chiwerengero cha mwezi wonse kukhala chaching'ono kuposa cha sabata imodzi ya mwezi womwewo. Chachiwiri, mukaphatikiza nokha manambala a tsiku ndi tsiku, kusiyana kwake ndi lipoti kukhala ndendende 4,294,967,296, kapena kuwirikiza kwake kawiri, katatu. Kusiyana kukakhala kwina, vuto si limeneli, musatitumizire ngati kusefukira.

"Nanga ndalama zomwe tinalipira kale? Mutibwezera?"

Apa tiyankha mosamala, chifukwa ofesi yathu imalemba mapulogalamu, sigamula za ndalama. Chomwe tinganene ndi mmene masamu ake akuyendera.

Kusefukira kumachepetsa nambala, sikuikulitsa. Ena atamva zimenezi anati ndiye palibe amene analipira mopitirira. Si zoona kwenikweni, chifukwa bilu ya intaneti imagawidwa potengera gawo la nthambi iliyonse. Tiyerekeze kuti nthambi ndi ziwiri zokha ndipo bilu ndi K60,000. Yoyamba inagwiritsa ntchito mabaiti 4,500,000,000, yachiwiri 1,500,000,000. Mwachilungamo yoyamba imayenera kulipira K45,000, yachiwiri K15,000. Koma poti yoyamba inalembedwa 205,032,704, inaoneka ngati yadya pang'ono, n'kupatsidwa pafupifupi K7,200, pamene yachiwiri inasenzetsedwa pafupifupi K52,800. Choncho amene angakhale atapwetekeka ndi nthambi zomwe manambala ake anali olondola.

Kodi tingangokonza malipoti akalewo? Osati kuchokera pa chiwerengero chosungidwacho. Mukaona 205,032,704 simungadziwe ngati ndi yeniyeni, kapena 4,500,000,000 yozungulira kamodzi, kapena 8,794,967,296 yozungulira kawiri. Mabiti omwe anasefukira anatayika, sanasungidwe pena paliponse. Njira yokhayo ndi kuwerengeranso kuchokera ku manambala a tsiku ndi tsiku, ndipo izi zitheka pa miyezi yomwe manambalawo alipo okwanira. Ngakhale pamenepo tiyenera kuyamba tatsimikiza kuti a tsiku limodziwo nawonso sanasefukire, popeza mabaiti 2,147,483,647 ndi magigabaiti awiri okha, omwe nthambi yotangwanika ingawamalize dzuwa lisanalowe.

Mwezi uliwonse womwe tiwerengerenso tidzaupereka ku akawunti pamodzi ndi umboni wake. Kubweza, kuchotsera pa bilu yotsatira, kapena kulipiritsa nthambi zomwe zinalipira zochepa, adzagamula ndi iwowo. Chonde musatenge yankho ili ngati lonjezo la kubwezeredwa.

"Ndasintha kale kukhala `long` koma yankho likadali lolakwika. Bwanji?"

Mwina mwalemba ngati mzere wachitatu uwu:

```java
int a = 1500000000;
int b = 900000000;
long x = a + b;         // -1894967296
long y = (long) a + b;  // 2400000000
```

Java imayamba yaphatikiza `a + b` monga `int`, kusefukira n'kuchitika, kenako ndiye imaika zotsatirazo mu `long`. Mwasunga nambala yowonongeka kale m'bokosi lalikulu. Pa mzere wachinayi `a` wakulitsidwa kuphatikiza kusanachitike. Yang'ananinso njira yonse yomwe nambala imadutsa: ngati penapake pali `(int)`, kapena danga la mu detabesi likadali `INTEGER` m'malo mwa `BIGINT`, ntchito yanu yapita pachabe.

"Ngati `long` ndi yaikulu chonchi, `Math.addExact` ndi yachiyaninso?"

`long` imafika pa 9,223,372,036,854,775,807, ndipo sitikuyembekezera kuti mabaiti athu adzafika pamenepo. Tikuifuna `Math.addExact` chifukwa cha khodi yakale yomwe sitinaipeze yonse. Ikaona kuti manambala awiri a `int` sakwana m'bokosi, imaimitsa ntchito n'kulemba:

```
java.lang.ArithmeticException: integer overflow
```

Inde, zikutanthauza kuti lipoti likhoza kulephera kutuluka m'mawa wina, ndipo tikudziwa kuti mafoni adzalira. Ife tasankha lipoti lochedwa kusiyana ndi bilu yabodza.

"Kodi vutoli limachitika kwa ife tokha?"

Ayi. Mu 2015 bungwe la FAA loyang'anira za ndege ku Amerika linachenjeza kuti zipangizo zoyendetsa majenereta a ndege ya Boeing 787 zikhoza kuzimitsa magetsi zikakhala zoyaka masiku 248 osazimitsidwa, chifukwa cha kauntala yosefukira mu pulogalamu yake.

"Nanga inu munalephera bwanji kuliona msanga?"

Pulogalamuyi italembedwa, nthambi zinkagwiritsa ntchito deta yochepa, ndipo mayeso athu onse anali a manambala ang'onoang'ono. Panalibe ngakhale mayeso amodzi oyandikira 2,147,483,647. Pamenepo tinalakwitsa. Tsopano khodi iliyonse yophatikiza iyenera kubwera ndi mayeso atatu: wofika ndendende pa malirewo, wodutsa ndi 1, ndi wodutsa 4,294,967,296.

"Ife timalemba mu Python kapena C. Lamuloli likutikhudza?"

Manambala athunthu a Python amakula okha, sasefukira. Koma mukangogwiritsa ntchito NumPy ndi `int32`, mwabwereranso m'bokosi la mabiti 32 lomwe lija.

A C ndiye samalani kwambiri. Mu C, kusefukira kwa `int` sikunalonjezedwe kuti kudzazungulira ngati mu Java, malamulo a chinenerocho sanena chomwe chidzachitike. Choncho mukalemba `if (a + b < a)` kuti mugwire kusefukira kutachitika kale, kompaila ili ndi ufulu wowerengera ngati kusefukirako sikungachitike, n'kusintha mzerewo mwakuti sugwiranso kanthu. Funsani musanaphatikize, `if (a > INT_MAX - b)` pamene `b` si yochepera ziro, ndipo gwiritsani ntchito `int64_t`, chifukwa `long` ya C pa Windows ili ndi mabiti 32 okha.