Pepala lolembedwa pamanja limafuna maso

Ntchito yanga kuno ku Chipata ndi kutaipa makalata, mapangano ndi mapepala akale omwe anthu amafuna kuti akhale pa kompyuta. Kawirikawiri foni imalira, munthu n'kunena kuti: “Ndili ndi chithunzi cha kalata, ndikuuzeni momwe ilili, inu mungondilembera.” Ndimakana, ndipo ena amandiona ngati wamwano.

Mayi wina wa ku Katete anandiimbira za pepala lomwe malemu bambo ake anasiya, lokhudza ng'ombe yomwe anagulitsa kwa mnansi wawo. Alongo ake analijambula n'kuwatumizira. Mayiwo anafotokoza bwino ndithu: pepala long'ambidwa m'kope la kusukulu, inki yabuluu, mizere isanu ndi umodzi, zilembo zopendekera, siginecha ziwiri m'munsi. Zonsezo zinali zoona, koma palibe liwu ndi limodzi lomwe la m'pepalalo lomwe ndinalipeza m'mafotokozedwewo. Mapepala zikwizikwi ali ndi inki yabuluu ndi mizere isanu ndi umodzi.

Ndiye anati andiwerengere. Apa mpamene anthu amapusitsika, chifukwa zimamveka ngati vuto latha. Koma munthu akamakuwerengera zolemba zovuta, amakupatsa zomwe iye waganiza kale kuti zalembedwa. Pomwe chilembo sichikuoneka, mutu wake umadzazapo liwu lomwe akuliyembekezera, ndipo amalitchula ndi mawu olimba ngati ena onse. Ine womvera sindingadziwe pomwe waona ndi pomwe wangoganizira. Anandiwerengera kuti wogulayo “analipira K1,100”.

Chithunzi chitafika, ndinapeza zina. Pa liwu lija panali tizilembo titatu, “dza”, tolembedwa pamwamba pa mzere, “na” atakhwatchidwa ndi kamzere kopyapyala. Liwulo linali “adzalipira”. Ndalama zomwe banja linkaganiza kuti zinaperekedwa kale zinali lonjezo chabe. M'Chichewa nthawi ya mneni imakhala pa kaphatikizo kamodzi pakati pa liwu, choncho kadontho ka inki kangasandutse ngongole kukhala malipiro.

Nambala nayo inali ndi nkhani yake. Bambowa ankalemba 1 wokhala ndi kamchira kutsogolo, wofanana kwambiri ndi 7. Munthu sangazisiyanitse poyang'ana chilembo chimodzi chokha. Chomwe timachita ndi kufufuza pepala lonse kuti tipeze pomwe dzanja lomwelo linalemba nambala yosakayikitsa. Pamwamba panali chaka, 2011, ndipo ma 1 awiriwo anali ndi michira yaifupi, pomwe nambala yachiwiri ya mtengo inali ndi denga lalitali lopingasa. Inali 7. Kuyerekeza kotereku kumafuna maso kupita uku ndi uku kangapo, ndipo pafoni sikutheka.

Komanso pepalalo silinanene K1,700. Linanena K1,700,000. Mayiwo, mosafuna kunama, anachotsa okha maziro atatu chifukwa anazolowera kwacha ya masiku ano, yomwe inayamba pa 1 Januwale 2013 atachotsa maziro atatu pa yakale ija. Masamu awo anali olondola, koma wotaipa amalemba zomwe zili papepala. Kusintha ndalamazo kumabwera pambuyo, pa mzere wapadera. N'chimodzimodzinso ndi kalembedwe: ambiri kuno anaphunzira kulemba “caka” ndi “cifukwa”, ena “chaka” ndi “chifukwa”. M'kamwa zimamveka chimodzimodzi, koma papepala zingathandize kuona ngati mizere yonse inalembedwa ndi munthu mmodzi.

Ngakhale chithunzi chimene chimatha kukhala chosakwanira. Choyamba chomwe ndinalandira chinali chitadutsa m'mafoni atatu pa WhatsApp, yomwe imachepetsa zithunzi, moti kamzere kokhwatcha kaja kankangooneka ngati litsiro. Ndinapempha alongo aja kuti ayale pepalalo patebulo, panja pamthunzi masana, azimitse fulashi, foni ikhale molunjika pamwamba, ngodya zonse zinayi zionekere. Ajambulenso kuseri kwake, poti anthu akale ankakonda kupitiriza nkhani kumbuyo, kenako atumize posankha Document kuti chithunzi chisaphwanyike.

Liwu limodzi pamzere wachisanu linagwera pomwe pepala linapindidwa, ndipo inki inali itafufutika. Mayiwo anali otsimikiza kuti ndi dzina la mboni. Mwina ndi choncho. Ine ndinasiyapo mpata, n'kulemba pambali kuti liwu limodzi silikuwerengeka, ndipo ndinawauza kuti akamapita kwa amfumu atenge pepala lenilenilo pamodzi ndi lotaipalo.