Kuyendera bwalo la zamasewero la pasukulu ana asanayambe kusewera: uthenga kwa aphunzitsi ndi makomiti a sukulu m'boma la Mangochi

Bwalo la zamasewero liyenera kuyenderedwa kawiri, kutatsala tsiku limodzi kuti kuchitike masewero komanso m'mawa wa tsiku lenilenilo, ndipo woyendera alembe zimene wapeza m'kope limodzi losungidwa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Pa choopsa chilichonse alembe malo amene chili, amene chingamuvulaze, chimene chichitike, ndi munthu amene achite. Kuti adziwe choyamba kukonza, apereke nambala ziwiri zoyambira pa 1 mpaka 3, ina yosonyeza kuti ngoziyo ingachitike mosavuta bwanji, ina yosonyeza kukula kwa kuvulalako, kenako azichulukitse. Chimene chafika pa 6 kapena 9 chikonzedwe mpira usanayambe, ndipo zikakanika masewero asunthidwe.

Poyang'ana nthaka sikokwanira kuima m'mbali n'kuponya maso. Woyendera adule bwalo m'mizere yotalikirana mapazi asanu, ndipo ndi bwino kutenga ana a sitandade 7 ndi 8 kuti ayende naye atafola, chifukwa dzenje lobisika mu udzu limadziwika ndi phazi. Zofunika kuziona ndi mayenje a mbewa, chulu chimene chayamba kutukuka, zitsa, miyala, minga, mabotolo osweka, ndi mapazi a ng'ombe amene adaponda nthawi ya matope n'kuuma ali okumbika. Kumadambo dothi limang'ambika m'chilimwe, pomwe kufupi ndi nyanja vuto ndi mchenga umene umatitimira pena n'kulimba pena. Dzenje limene mungalowe chidendene cha mwana likwiriridwe ndi dothi lonyowetsa n'kulitsendera pang'onopang'ono, pakuti dothi longothira limatitimira pakangopondedwa kangapo. Pakati pa golo, pamene goloboyi amadziponya, ndi pamene pamakumbika msanga. Mwana akabinya mwendo aleke kusewera, mwendowo auike pamwamba ndi kuufunditsa nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, ndipo ngati sakutha kuponda masitepe anayi kapena mwendo wakhota, apite kuchipatala popanda wina kuukoka. Bala la msomali kapena botolo litsukidwe ndi sopo, ndipo achipatala aone za katemera wa kafumbata.

Magolo ndiwo amafuna chidwi chachikulu, chifukwa ngozi yake sichitika kawirikawiri koma ikachitika imatha kupha. Golo la akuluakulu limatalika mamita 7.32 m'litali ndi mamita 2.44 kupita m'mwamba, kutanthauza kuti mtengo wopingasawo ndi wautali ndiponso wolemera, ndipo ukagwa umafikira pamutu, pakhosi kapena pachifuwa. Ana sauona ngati choopsa. Pa nthawi yopuma amalendewerapo atatu kapena anayi, pamene palibe mphunzitsi aliyense pafupi.

Tiyerekeze golo la mitengo ya bulugamu limene lakhala nyengo ziwiri za mvula. Pamwamba likuoneka lolimba, mwinanso lapakidwa laimu chifukwa cha alendo. Woyendera akankhe mzati uliwonse mwamphamvu ndi manja awiri, atayang'ana pansi: mzati ukagwedera n'kusiya mpata pakati pa mtengo ndi dothi, waonongeka kapena sudazikidwe mokwanira. Kenako akumbe pang'ono m'tsinde ndi kubaya mtengowo ndi mpeni pamene pakumana mtengo ndi nthaka, chifukwa chiswe ndi kuola zimayambira pomwepo. Mpeni ukalowa mosavuta, kapena mtengo ukamveka ngati ng'oma pougogoda, kapena pakaoneka tinjira tadothi tokwera m'mwamba, m'kati mwadyeka kale. Pomaliza aone mmene mtengo wopingasa wagwirira, ngati ndi misomali yadzimbiri, chingwe chofumbwa ndi dzuwa, kapena wangosanjikidwa pa mphanda. M'kope alembe kuti ngozi ingachitike mosavuta, 3, kuvulala kwake n'kwakukulu, 3, zikachulukitsidwa 9. Golo lotere lizulidwe tsiku lomwelo. Kulichirikiza ndi mtengo wina kapena kungouza ana kuti asayandikire n'kudzinamiza, ndipo mpira ukhoza kuseweredwa bwinobwino ndi zizindikiro zofewa zoikidwa pansi kufikira komiti itapeza mitengo ina.

Magolo achitsulo amadyedwa ndi dzimbiri m'tsinde ndi m'malo owotcherera, makamaka ngati madzi a mvula amalowa m'paipi. Golo lonyamulika likhomeredwe pansi nthawi zonse, ndipo masewero akatha ligonekedwe kapena limangidwe ndi tcheni. Mizati ya ntchemberembaye, yotalika mamita 3.05, iyesedwenso chimodzimodzi, makamaka ija yoimikidwa mu tayala kapena m'ndowa ya simenti.

Za kutentha, aliyense wa ku Mangochi amadziwa mmene kumakhalira mu Okutobala ndi Novembala, pamene masana kumapitirira madigiri 35 ndipo mchenga umaotcha mapazi a mwana wopanda nsapato. Kuzolowera dzuwa kumathandiza, koma sikuteteza mwana amene akuthamanga kwa ola lathunthu osamwa kanthu. M'miyezi imeneyi masewero achitike m'mawa nthawi isanakwane 9 koloko kapena madzulo kuyambira 4 koloko, ndipo 2 koloko, imene sukulu zambiri zimaikonda poti ana aweruka, ndi nthawi yoipitsitsa. Woyendera atsimikize kuti pali mthunzi wokwanira matimu onse, kuti pali madzi akumwa a pamjigo kapena othira kolorini m'ndowa yovindikira, osachepera lita imodzi pa wosewera aliyense, komanso ndowa zina ziwiri ndi zitenje zoziziritsira thupi. Oimbira mpira aimitse masewero pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse kuti ana amwe, ngakhale asanadandaule ludzu.

Mpira usanayambe mphunzitsi afunse amene adwala malungo, kutentha thupi kapena kutsekula m'mimba m'masiku apitawa, ndipo otere apume. Mwana wachialubino akhale ndi chipewa, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza khungu. M'mwezi wa Ramazani ana ena okulirapo amakhala akusala kudya ndi kumwa, choncho sukulu ikambirane ndi makolo pasadakhale m'malo mowathamangitsa padzuwa.

Mwana amene wafooka, akutuluka thukuta kwambiri, akumva mutu, chizungulire kapena nseru, koma akuyankha bwino, agonekedwe pamthunzi, amasulidwe zovala, amwe madzi kapena Thanzi pang'onopang'ono, ndipo asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo. Ngati sakupeza bwino pakatha theka la ola apite kuchipatala. Koma akayamba kuyankhula zosamveka, kudzandira, kukwiya mosadziwika bwino, kukomoka kapena kuphupha, thupi lili lotentha kwambiri, ubongo wayamba kukhudzidwa ndipo moyo uli pachiswe, ngakhale thukuta likutulukabe. Athiridwe madzi thupi lonse nthawi yomweyo ndi kukupizidwa mosalekeza pamene wina akufuna galimoto, ndipo kuziziritsako kupitirire m'njira monse. Wosadziwa kanthu agonekedwe chammbali ndipo asamwetsedwe chilichonse. Panado satsitsa kutentha kotere. Nambala ya foni ya chipatala chapafupi ndi ya munthu wa galimoto zilembedwe pachikuto cha kope lija, ndipo kopelo likhale pabwalo kufikira mpira utatha.